Mameseji osakaniza Chizungu ndi Chichewa: mwana wa mlongo wanga wandisandutsa wangongole

MayiZitenje_Mufakose
Abale ndithandizeni maganizo. Ndili ndi nkhani ya ndalama ndi mnzanga amene timaoda naye zitenje ku Malawi. Palibe pepala lomwe tinasainirana, umboni wonse uli pa WhatsApp, mameseji pafupifupi 200. Loya wina wa kutchalitchi kwathu wandiuza kuti ndimubweretsere m'Chizungu chifukwa iye Chichewa samva. Ndinapatsa mwana wa mlongo wanga, wa Fomu 6, wobadwira konkuno ku Zimbabwe. Meseji yoyamba mnzangayo analemba chonchi:

`Sis mundiborrowe 300 plz, ndizakubwezerani month end zitenje zikafika`

Mwanayo walemba kuti `Sister you borrowed 300 from me`. Ndiye kuti wangongole ndasanduka ine! Ndamukalipira koma iye akuti "azakhali, liwulo ndi Chizungu kale, ine sindinalikhudze." Kodi zinthu zoterezi amamasulira bwanji?

Kombi_ya_Mbare
Kkkkk mukanapita nazo kukhoti osawerenga bwenzi mutatuluka mukulipira ndinu.

Jah_Bless_Epworth
Ine sindikuona chovuta. Theka la mameseji athu limakhala Chizungu kale, ndiye Chizungucho chisiyeni momwe chilili, mumasulire Chichewa chokha chotsalacho. Ntchito ya ola limodzi imeneyo. Mwanayo anangophonya pang'ono basi.

Womasulira_Wakale
A Jah Bless, njira mukunenayo ndi yomwe yawagwetsa mayiwa. Ndamasulirapo kwa zaka zambiri, kutchalitchi ndi kumaofesi, ndipo meseji yosakaniza imandidyera nthawi kuposa ya Chichewa chokhachokha, chifukwa diso likaona Chizungu limapuma, limaganiza kuti apa zatha kale.

Taonani liwu lija, `mundiborrowe`. Chizungu chilimo ndi pakati pokha. Koma amene akupereka ndani, akulandira ndani, zachitika kale kapena akupempha, zonsezo zanyamulidwa ndi tizidutswa ta Chichewa tam'mbalimo. Mu- ndi inu, mwaulemu. Ndi- ndi ine wolembayo. Ndipo -e wakumapetoyo ndi wopempha, ngati mu "mundipatse" kapena "mundithandize". Chotsani Chizungucho muikepo liwu lathu, mupeza "mundibwereke". Ameneyo ndiye anali m'mutu mwa wolemba. Kwathu kubwereka kumayenda uku ndi uku: ndabwereka khasu kwa aneba, aneba andibwereka khasu. Mzungu ali ndi mawu awiri, `borrow` wa wotenga ndi `lend` wa wopereka, ndiye ife timangotola limodzi n'kuligwiritsa ntchito ngati kubwereka kwathu. Choncho m'Chizungu cha loya meseji ija ndi `Sister, please lend me 300`. Liwu lomwe linali kale m'Chizungu ndi lomwe liyenera kusinthidwa.

Nachisale_wa_Highfield
Bambo, apa ndikutsutsaniko pang'ono. Ine kwathu ku Dedza ndimamva anthu akunena "wandibwereka mpeni sanabweze", kutanthauza kuti watenga kwa ine. Ndiye ndi- yekhayo sakutsimikiza kuti katundu akupita kuti.

Womasulira_Wakale
Mwanena zoona mayi, ndipo n'chifukwa chake sitimasulira liwu lili lokha. Pitirizani kuwerenga: `ndizakubwezerani`. Wolemba akulonjeza kubweza, ndipo munthu sabweza chimene sanatenge. Onjezani `plz` uja. Ndani amachonderera mnzake kuti atenge ngongole kwa iye? Mwanayo anataya zinthu ziwiri nthawi imodzi, anatembenuza njira ya ndalama komanso anasandutsa pempho kukhala chinthu chochitika kale. Akanawerenga mpaka kumapeto akanaona kuti chiganizo chake chikudzitsutsa.

Jah_Bless_Epworth
Koma nanga winayo akabwera ndi foni yake n'kuonetsa kuti analemba `borrow`, inu mwalemba `lend`? Sadzati mwasintha umboni?

Womasulira_Wakale
Funso lenileni ndi limeneli. Mankhwala ake ndi kusabisa kalikonse. Meseji iliyonse ndimaipatsa nambala ndipo ndimailemba katatu. Mzere woyamba, momwe inalembedwera, osakonza ngakhale chilembo chimodzi, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi. Mzere wachiwiri, Chichewa chathunthu chomwe munthuyo amatanthauza, mawu odula nditawatambasula. Mzere wachitatu, Chizungu. Pomwe ndasintha liwu la Chizungu ndimaika ndemanga yachidule pansi pake. Chonchi:

```
1. 12/02 19:40
A: Sis mundiborrowe 300 plz, ndizakubwezerani month end zitenje zikafika
B: Achemwali mundibwereke 300 chonde, ndidzakubwezerani kutha kwa mwezi zitenje zikafika
C: Sister, please lend me 300, I will pay you back at month end when the zitenje arrive
```

Mzere wapakatiwo anthu amauona ngati kutaya nthawi, koma ndi umene umagwira zolakwa. Munthu wina wodziwa Chichewa atha kuuyang'ana n'kunena kuti apa mwamva molakwa, asanayambe n'komwe kukangana za Chizungu. Mwana wa mlongo wanu uja akanakakamizidwa kulemba mzere B, sakanatha kulemba "munabwereka" pomwe foni ikuti "mundi-".

Kombi_ya_Mbare
Zikundikumbutsa za ine. Mkazi wanga ali ku Ntcheu ndinamulembera `ndikusendera mawa`. Foni inali ndi apongozi, iwo n'kuwerenga kuti ndikusendera, ndayandikira, ndikubwera mawa. Anapha nkhuku. Mawa lake kunangofika meseji ya ndalama.

Nachisale_wa_Highfield
Kkkk nkhuku inafera Chizungu.

Mdzukulu_wa_Wenela
Komanso `ndasenda` agogo anga amamva kuti ndasenda mbatata. Amafunsa kuti wasenda chiyani usiku uno.

MayiZitenje_Mufakose
Mukuseka koma `senda` ameneyo wadzaza m'mameseji anga. Ina ikuti `ndakusenderani half, balance ndisenda driver akabwera`. Imeneyo mwanayo anakhoza. Yomwe ikundisowetsa tulo ndi iyi, analemba patapita miyezi itatu nditayamba kumukumbutsa:

`300 ija ine ndimaiona ngati munandihelpa sis, I didnt know kuti mukuwerengera`

Loya akuti iyi ndi yomwe mnzangayo adzatsamirepo, kuti inali mphatso.

Mlembi_wa_Sosaite
Ine ndimalemba mabuku a bungwe lathu la maliro ku Mabvuku, ndipo liwu la `help` latiyambanitsapo kangapo. Munthu akati mundithandize ndalama, mwina akupempha ngongole, mwina akupempha kupatsidwa. Timati kuthandiza chifukwa kutchula ngongole kwa mnzako kumamveka kouma. Ndiye ine ndikanalemba `helped` basi, osawonjezera kuti mphatso kapena ngongole. Asankhe ndi a khoti ataona meseji yoyamba ija yolonjeza kubweza.

MayiZitenje_Mufakose
Koma ine ndikudziwa kuti inali ngongole! Bwanji osangolemba `lent`?

Womasulira_Wakale
Ayi mayi, apo musayerekeze. Pa `mundiborrowe` tinasintha chifukwa chiganizo chomwecho chimatiuza tanthauzo limodzi lokha. Pa `munandihelpa` chiganizo sichikutiuza, ndipo mkangano wanu wonse wagona pa liwu lomwelo. Mukalemba `lent` mwasiya kumasulira, mwayamba kuweruza mlandu wanu nokha, ndipo winayo akakugwirani pamodzi pokha adzakayikitsa mameseji 200 onse. A Mlembi akhoza.

Koma pali china mu mesejiyi chomwe simunachione, ndipo chili m'Chichewa, osati m'Chizungu. Werengani mokweza `ndimaiona`. Mukakweza mawu pa ndi- woyambayo, ndiye kuti mpaka pano amaiona choncho, ndi maganizo ake a masiku onse. Mukakweza pa -ma-, ndiye kuti ndi mmene ankaionera, tsopano wazindikira zina. Pakamwa timasiyanitsa osaganizira n'komwe, koma polemba n'chimodzimodzi, chifukwa kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu. Chizungu chimakukakamiza kusankha, `I see it` kapena `I was seeing it`. Choyambacho ndi munthu amene akukana ngongole. Chachiwiricho chikuyandikira kuvomera.

Nachisale_wa_Highfield
Apa ndiye Chizungu chikuthandiza. Mbali yachiwiri akuti `I didnt know`, zakale. Ndiye ndimaiona wakenso ndi wakale, "ndinkaiona ngati thandizo, sindimadziwa kuti mukuwerengera".

Womasulira_Wakale
Inenso ndimapendekera komweko mayi, ndipo mwachita bwino kugwiritsa ntchito mbali imodzi kuunikira inzake. Koma sizikutseka khomo. Munthu atha kunena kuti ine ndimaiona ngati thandizo mpaka lero, sindinadziwe kuti inu mukuwerengera, ndipo chikhala Chichewa chabwinobwino. Ine pa mzere C ndikanaika cha kale, n'kulemba pansi kuti liwuli limawerengekanso mwa masiku onse. Loya adziwiretu, asakadzidzimuke nazo kutsogolo.

Jah_Bless_Epworth
Ndemanga zikachuluka loya sawerenga. Anthu aja amafuna tsamba limodzi.

Mlembi_wa_Sosaite
Pa mameseji 200, okhudza ndalama mwina ndi 20. Enawo ndi mwadzuka bwanji ndi zithunzi za maluwa. Ndemanga zingakhale zisanu basi.

Mai_Tino_Dzivarasekwa
Pepani ndangolowa. Ngati nkhani ndi yomasulira mapepala, ine setifiketi yobadwira ya mwana ndinakaimasulitsa mutauni, anandidinda sitampa tsiku lomwelo. Ndikupatseni malo ake?

Kombi_ya_Mbare
Amayi werengani kuchokera pamwamba, nkhani ndi ya pa WhatsApp kkk.

Mlembi_wa_Sosaite
Komabe Mai Tino akhudza chinthu chenicheni osadziwa. MayiZitenje, mufunse loyayo kapena kalaliki wa kukhoti ngati akufuna kuti womasulira asaine ndi kulumbira kuti wamasulira moona. Ngati zili choncho ndi bwino asakhale mwana wa mlongo wanu kapena inuyo, koma munthu wosakhudzidwa ndi ndalamazo.

Mdzukulu_wa_Wenela
Ine ndimuikire kumbuyo mwanayo pang'ono. Ife obadwira kuno Chichewa tinachiphunzira kukhitchini kwa agogo ndi kumaliro. Kusukulu kunali Chishona ndi Chizungu. Agogo anga aamuna anabwera kudzagwira ntchito pafamu zaka za m'ma 1950, osabwereranso kumudzi. Malamulo a dziko a 2013 anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka muno mu Zimbabwe, koma ine ndinali nditamaliza kale sukulu, sindinachilembepo m'kope ngakhale tsiku limodzi. Ndiye timamva nkhani yonse bwinobwino, koma kusiyana kwa ndinatumiza, ndatumiza, ndimatumiza ndi ndikatumiza kumatipulumuka, ndiye timagwira liwu la Chizungu chifukwa ndi lomwe tili nalo chikhulupiriro.

Gogo_vaChipo
Vuto ndi makolo. Mwana ukamuyankhula Chichewa iye n'kuyankha Chishona, iwe n'kusekerera. Ife ku Mbare kale ukayankha agogo m'Chishona umauzidwa kuti bwereza. Lero ndi awa akutembenuza ngongole za azakhali awo.

Mdzukulu_wa_Wenela
Agogo, nthawi ija ukayankhula Chichewa pabwalo la sukulu anzako amakuseka tsiku lonse. Tinachibisa dala. Musatiweruze kwambiri.

Gogo_vaChipo
Ndikudziwa mwanangu, ana anga anadutsa momwemo. Koma chibiseni kusukulu, osati kunyumba.

Nachisale_wa_Highfield
Poti mwatchula Chishona, tibwerere ku nkhani ya mayiwa, chifukwa kuno mameseji sasakaniza ziwiri zokha. Mnzanuyo wakhala ku Harare nthawi yaitali? Ngati ndi choncho yang'anani Chishona cholowerera. Ine mlamu wanga analembera mchemwali wake za mpongozi watsopano kuti `but ine ndimamuda mtsikana uyu`. Iye amatanthauza kuda kwa Chishona, kumukonda. Kumudzi anawerenga kuda kwathu, kudana naye. Panatenga mwezi kuti anthu ayankhulanenso. Chiganizo chonse chinali chooneka Chichewa, liwu limodzi lokhalo ndi lomwe linali la kuno, ndipo silimaoneka lachilendo ngati mmene Chizungu chimaonekera.

MayiZitenje_Mufakose
Wakhala kuno zaka zoposa khumi. Alipo malo analemba `mari` m'malo mwa ndalama, ndipo kwina `ndichakupai`. Zimenezo ndimamva.

Womasulira_Wakale
Zooneka ngati zimenezo sizivuta, mungolemba pa ndemanga kuti apa ndi Chishona. Zoopsa ndi zofanana ndi zathu monga ananenera a Nachisale. Mukakumana ndi liwu lomwe likumveka Chichewa koma silikugwirizana ndi nkhani, liyeseni m'Chishona musanapitirire.

Tsopano funso lina mayi. Mwanayo munamupatsa chiyani, masikilinishoti kapena fayilo?

MayiZitenje_Mufakose
Anachita zake pafoni, inatuluka fayilo ya mawu okhaokha yaitali.

Womasulira_Wakale
Ndiye anapita pa timadontho titatu, `More`, `Export chat`, `Without media`. Njira yabwino chifukwa simukoperanso pamanja ndipo tsiku ndi nthawi zimabwera zokha. Koma fayilo imeneyo imataya zinthu. Paliponse panali voisi noti kapena chithunzi mupeza `<Media omitted>` basi. Komanso munthu akayankha meseji inayake poikoka, fayiloyo sionetsa kuti amayankha iti. Ndiye mupeza mzere wongoti `ok bho` uli pansi pa meseji ya ngongole, pomwe iye amavomera za mtundu wa chitenje zomwe munafunsa m'mawa. Pa mameseji 20 ofunikawo, tsegulani foni muone chilichonse ndi maso, mujambule sikilinishoti, muiphatikize. Ndipo foniyo musafufute kanthu.

Mavoisi noti musawanyoze. Ngati mnzanuyo ananenapo ndimaiona uja ndi pakamwa, khutu lidzathetsa zomwe pepala lalephera.

Kombi_ya_Mbare
`ok bho` ameneyo ngakhale atakhala pamalo pake, akutanthauza ndavomera kapena ndamva? Ine bwana wanga ndimamuyankha bho ndisanagwirizane nazo n'komwe.

Mlembi_wa_Sosaite
Ameneyo ndi `OK, fine` basi. Osalemba `I agree`.

Jah_Bless_Epworth
Chabwino ndagonja pa za kubwereka. Koma ndifunseko, 300 yachiyani? Palibe amene wafunsa. Kuno tili ndi madola a ku America, tili ndi ZiG kuyambira 2024, wina amaoda ku Musina ndi marandi, zitenje amagula ndi makwacha. Meseji ikungoti 300.

MayiZitenje_Mufakose
Madola a ku America, ndinamupatsa pamanja ku Roadport akukwera basi ya ku Blantyre. Mwanayo anaika kale chizindikiro cha dola paliponse.

Womasulira_Wakale
A Jah Bless, apa mwaona chomwe ine ndinachidumpha. Chizindikirocho achotse. Pa mzere C pakhale 300 yokha monga analembera mwini wake, chifukwa chomwe sichili mu meseji womasulira sachiika. Kuti anali madola munene inuyo m'mawu anu kwa loya, kapena mupeze meseji ina pomwe mnzanuyo anatchula yekha. Makwacha 300 aliyense aona kuti sangagule ngakhale chitenje chimodzi, koma marandi 300 ndi ndalama yoti munthu atha kuinena, ndipo kusiyana kwake ndi madola 300 n'kwakukulu. Fufuzani m'fayilomo `usd`, `$`, `dollars`, `madola`, `rand`.

Gogo_vaChipo
Koma mwanangu, munthu woyenda naye ulendo wa Nyamapanda mpaka Mwanza, kugona limodzi m'basi, mpaka kukhoti? Bwanji osaitana akuluakulu a mpingo?

MayiZitenje_Mufakose
Tinayesa agogo, kawiri. Ulendo wachiwiri sanabwere n'komwe.

Ndafufuza monga mwanenera bambo. `usd` palibe, koma pa 3 Malichi analemba `rate ya ku border inandipweteka sis, ma 100 anu aja anandisinthira mochepa`. Ndinamupatsadi mapepala atatu a 100. Imeneyi ingathandize?

Womasulira_Wakale
Iikeni pa mndandanda, ikuonetsa kuti analandira ndalama zanu ndipo anakazisintha. Koma marandi alinso ndi pepala la 100, ndiye payokha siikutchula dola. Mumasulire momwe ilili, `those 100s of yours`, ndipo aja musamutaye, chifukwa akusonyeza kuti nonse mumadziwa ndalama zomwe zikunenedwa.

Nachisale_wa_Highfield
Ine ndikadali pa ndimaiona. Ndawerenganso katatu, ndipo `ine` uja ali kutsogolo akundimvekera ngati munthu woumirira maganizo ake, ine ndimaiona choncho, inu zanu. Mwina ndinafulumira kunena kuti ndi zakale.

Womasulira_Wakale
N'chifukwa chake pakufunika ndemanga ija.

MayiZitenje_Mufakose
Pali voisi noti ya mphindi ziwiri yomwe anatumiza usiku womwewo, sindinaimvetserenso chifukwa inandikwiyitsa. Ndikaweruka ndikaimvera. Bambo Womasulira, ndingakutumizireni kumbali mameseji 20 aja mundionereko mzere wapakati? Mwanayo ndamuuza ayambirenso, akung'ung'udza koma wayamba.

Womasulira_Wakale
Tumizani, koma mufufute dzina ndi nambala ya mnzanuyo kaye. Voisi notiyo muilembe liwu ndi liwu momwe akuyankhulira, Chizungu chake ndi Chishona chake momwemo, musaikonze.